Malonda a pa foni: wolipira wachiwiri ndi woonera

Mnyamata ali mu minibasi yochokera ku Limbe, ndipo wagula bandulo yaing'ono ya tsiku limodzi kuti aonere zigoli za mpira wa dzulo. Wadina kanemayo, koma zigoli sizikubwera. Kwayamba kubwera nyimbo, galimoto yonyezimira ikuyenda m'mbali mwa nyanja, kenako mawu a munthu wotsatsa inshulansi imene mnyamatayo sanaifunse. Diso lake lili pakona ya sikirini kudikira kuti kabatani kolembedwa kuti Skip katuluke, ndipo masekondi asanu atangokwana wadina mothamanga. Ma MB amene apita m'masekondi amenewo apita ndithu, palibe amene adzamubwezere.

Chikwangwani cha pamsewu chimalipiridwa ndi mwini malonda yekha, wodutsa amangoponya maso n'kumapita. Uthenga wa pa wayilesi nawo ndi chimodzimodzi. Malonda a pa foni ali ndi olipira awiri. Mwini malonda amalipira Facebook kapena YouTube kuti uthenga wake uoneke, ndipo woonera amalipira Airtel kapena TNM kuti uthengawo ufike m'foni mwake. Wolipira wachiwiriyu safunsidwa maganizo, ndipo dzina lake silipezeka pa bajeti ya aliyense.

Nthawi zina amakhala yekha wolipira. Pa YouTube pali njira yogulira malo imene wotsatsa amalipira pokhapokha munthu akaonera masekondi 30, kapena mpaka kumapeto ngati kanemayo ndi wamfupi kuposa pamenepo, kapena akadina pamalondawo. Mnyamata wa mu minibasi uja wathawa pa sekondi yachisanu, choncho mwini galimoto yonyezimira ija sanataye tambala. Koma foni siyembekezera kuti sekondi ifike ndiye iitsitse. Imatsitsiratu za kutsogolo n'kuzisunga kuti kanema asamadukeduke, moti pamene munthu akudina Skip amakhala atalipira kale masekondi ena amene sanawaone n'komwe. Ku dziko limene bandulo ndi yopanda malire zimenezi n'zosadetsa nkhawa. Ku Malawi, kumene m'chaka cha 2020 anthu anadandaula pa intaneti pansi pa mawu akuti #DataMustFall mpaka makampani a mafoni kutsitsa ina mwa mitengo yawo, nkhaniyi ndi ya ndalama ya m'thumba.

Masamu ake si ovuta

Kulemera kwa kanema kumachokera pa zinthu ziwiri zokha. Choyamba ndi kutalika kwake m'masekondi. Chachiwiri ndi kuchuluka kwa deta imene sekondi iliyonse yanyamula, chimene akonzi a makanema amachitcha bitireti, ndipo chimayezedwa mu kbps. Kanema ali ngati mpopi wotseguka: bitireti ndi mphamvu ya madzi, masekondi ndi nthawi imene mpopiwo wakhala ukutuluka, ndipo ndowa imene ikudzaza ndi imene woonera alipire.

```
MB = kbps x masekondi / 8000
```

Tayerekezani mayi wogulitsa zitenje mumsika wa Lilongwe amene wapempha mwana wa achemwali ake kuti amujambulire kanema wamalonda. Mnyamatayo wajambula masekondi 45: khomo la shopu, dzina la shopu likuzungulira ngati chiyambi cha filimu, mayiwo akupereka moni, zitenje zikukupizidwa chimodzichimodzi, ndipo kumapeto kwenikweni mtengo ndi nambala ya foni. Kanemayo akafika kwa woonera pa 1,500 kbps, zimene sizachilendo kwa kanema wooneka bwino pa foni, masamu aja amapereka 8.4 MB.

Mitengo ya mabandulo imasinthasintha, choncho apa pagwiritsidwe ntchito mtengo wongoyerekeza: bandulo ya 100 MB yogulidwa pa K500, kutanthauza K5 pa MB imodzi. Woonera kanema wa mayi uja mpaka kumapeto walipira K42. Ndalamayi imaoneka yochepa, koma mwa bandulo yake yonse wataya gawo limodzi mwa magawo 12 pa uthenga umodzi. Ndipo anthu 20,000 akaonera kanemayo mpaka kumapeto, onse pamodzi amakhala atawononga deta ya ndalama zoposa K840,000. N'kutheka kuti mayiwo sanalipire ndalama yofika pamenepo kuti malonda ake aulutsidwe.

Apa pali kupanda chilungamo kumene otsatsa ambiri sakuona. Bandulo yaikulu ya mwezi imakhala yotchipa pa MB iliyonse poyerekeza ndi yaing'ono ya tsiku. Munthu amene amajambula ndi kuvomereza malonda nthawi zambiri amakhala pa intaneti ya muofesi kapena pa bandulo yaikulu, pamene amene akufuna kumugulitsa chitenje amagula deta pang'onopang'ono ngati shuga wa pa oda. Kanema yemweyo, masekondi omwewo, wosauka amaonera pa mtengo wokwera.

Tsopano mnyamata uja adule kanemayo kufika pa masekondi 15 osakhudza china chilichonse. Kulemera kumatsika kufika pa 2.8 MB, ndiye kuti K14. Akachepetsanso bitireti kufika pa 600 kbps, kanemayo amalemera 1.1 MB, ndipo woonera amalipira ndalama yosakwana K6. Anthu 20,000 aja tsopano awononga pafupifupi K112,000 m'malo mwa K840,000. Chitenje n'chomwecho, mtengo wake ndi womwewo, nambala ya foni ndi yomweyo.

Kuti zogwirira ziwirizi ndi zenizeni zinaoneka m'mwezi wa Malichi 2020, pamene mliri wa Covid-19 unatsekera anthu m'nyumba ndipo manetiweki anayamba kulemedwa. WhatsApp inagwira kumasekondi: ku India inadula kanema wa pa sitetasi kuchoka pa masekondi 30 kufika pa 15. YouTube inagwira kubitireti: inakonza kuti makanema aziyamba kuoneka pa mlingo wotsika dziko lonse lapansi, wofuna kuona bwino kwambiri azichita kusankha yekha. Makampani awiri aakuluwa analibe njira ina yofulumira kuposa ziwirizi.

Chimene chimalemeretsa sekondi

Kudula masekondi n'kosavuta kumva. Chovutirapo ndi kumvetsa chifukwa chimene sekondi ina imafuna deta yambiri kuposa inzake, ndipo pamenepa ndi pamene wojambula waluso amasiyana ndi wongoloza kamera.

Kanema ndi zithunzi zambiri zotsatizana, kawirikawiri 24 kapena 30 pa sekondi. Zikanatumizidwa zonse zathunthu, palibe bandulo imene ikanapirira. Pulogalamu yopanikiza kanema, monga ya H.264 imene pafupifupi foni iliyonse imaiwerenga, imachita mochenjera. Imatumiza chithunzi chimodzi chathunthu, kenako pa zithunzi zotsatira imangotumiza zimene zasintha. Ngati mayi uja waima kutsogolo kwa khoma loyera akulankhula, khomalo limatumizidwa kamodzi, ndipo chotsala ndi milomo ndi manja basi. Sekondi yotere ndi yopepuka kwambiri.

Chitenje chokupizidwa ndi nkhani ina. Maluwa ake, mizere yake ndi timadontho take tonse timasuntha nthawi imodzi, kena kakubisika m'makwinya kena kakutuluka, moti pulogalamu ija imasowa choti inene kuti ichi sichinasinthe. Ikapatsidwa deta yambiri imajambula zonse bwinobwino, woonera n'kulipira. Ikamanidwa, chitenjecho chimasanduka timabokosi tosamveka, ngati chithunzi chimene chanyowa ndi mvula. Ndiye kuti chinthu chenicheni chimene mayiwo akugulitsa ndi chimene chimayamba kuwonongeka. Masamba a mtengo ogwedezeka ndi mphepo, mafunde a panyanja, fumbi, utsi ndi chikhamu cha anthu mumsika zonse zili m'gulu lomweli.

Mankhwala ake ali pojambula, osati pakompyuta. Chitenje chiyalidwe patebulo kapena chipachikidwe pakhoma lopanda zolembalemba, chikhale chete kwa masekondi awiri kapena atatu kuti diso lione maluwa ake. Foni yojambulira itsamizidwe pa chinthu cholimba, ngakhale pa njerwa, chifukwa dzanja likamanjenjemera chithunzi chonse chimasuntha ndipo khoma lomwe lija limayamba kudya deta. Kujambula kuchitike masana pamalo owala. Mumdima kamera ya foni imatulutsa timadontho tothothoka ngati mchenga, ndipo pulogalamu yopanikiza sidziwa kuti timeneti ndi zinyalala, imavutika kutisunga ngati kuti ndi mbali ya chitenje.

Pali msampha wina umene umakola anthu amene angomva kuti kanema wamfupi ndi wabwino. Amatenga zonse zimene zinali m'masekondi 45 n'kuzipanikiza m'masekondi 15, chithunzi chikusintha sekondi iliyonse. Koma nthawi iliyonse imene kanema wadumphira pa malo atsopano, pulogalamu ija imayenera kutumizanso chithunzi pafupifupi chathunthu, ndipo chithunzi chathunthu chimalemera kwambiri kuposa zotsatira zake. Kanema wa masekondi 15 wodumpha kakhumi ndi kasanu amafuna bitireti yokwera kuti aoneke bwino, apo ayi amachita chimbuuzi pa kudumpha kulikonse. Choncho kufupikitsa kwenikweni ndi kutaya zinthu. Mayi wa zitenje asankhe zitenje zitatu, zina zonse zitsale mushopu.

Mawu nawo ali ndi kulemera kwake, ngakhale amaiwalika. Nyimbo yoikidwa pa 128 kbps kwa masekondi 15 imatenga 0.24 MB, lomwe ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a kanema wa 1.1 MB uja. Mawu a munthu mmodzi amamveka bwino pa 48 kbps, ndipo sipika ya foni yotchipa singasiyanitse. Komanso anthu ambiri amaonera mawu atazimitsa, m'basi, pamaliro, kapena usiku ena atagona. Mtengo ndi dzina la malo ziyenera kulembedwa pa sikirini ndi zilembo zazikulu zonenepa. Zilembo zowonda zokhotakhota zimene zimakongola pa kompyuta ya wojambula zimasungunuka kanema akatsikira pa 360p.

Masekondi 15 aja agawidwe bwanji? Makampani a intaneti anapereka kale chizindikiro m'mene amawerengera oonera. Facebook imawerenga munthu amene wakhala pa kanema kwa masekondi atatu, ndipo muyezo wake wina wotchedwa ThruPlay umawerenga amene wafika masekondi 15. YouTube imatsegula khomo lothawira pa sekondi yachisanu, ndipo kuyambira 2016 imagulitsa malo a malonda a masekondi 6 okha osadumphika. Manambala amenewa akusonyeza kuti chofunika chiyenera kunenedwa koyambirira. Kwa mayi uja, masekondi atatu oyamba aonetse chitenje chokongola kwambiri ndi mtengo wake utalembedwa pomwepo. Masekondi asanu ndi awiri otsatira aonetse zitenje ziwiri zotsala. Asanu omaliza akhale pa dzina la shopu, malo ake mumsika ndi nambala ya foni, zitaima chete kuti munthu athe kujambula sikirini. Dzina la shopu lozungulira lija ndi moni wautali uja zichoke. Kudula moni n'kowawa kwa Mmalawi aliyense woleredwa bwino, koma moni wa masekondi asanu ndi atatu ndi moni umene mlendo amalipira yekha.

Amene ali ndi kompyuta angathe kupanikiza kanemayo ndi pulogalamu yaulere yotchedwa HandBrake, kapena ndi ffmpeg polemba mzere umodzi:

```
ffmpeg -i choyamba.mp4 -t 15 -vf scale=480:-2 -r 24 -c:v libx264 -b:v 550k -c:a aac -b:a 48k -ac 1 -movflags +faststart chomaliza.mp4
```

Mzerewu ukutenga masekondi 15 oyamba, kuchepetsa m'lifupi mwa chithunzi kufika pa 480, kupereka 550 kbps kwa chithunzi ndi 48 kbps kwa mawu. Zotsatira zake ndi fayilo ya pafupifupi 1.1 MB. Mawu akuti +faststart akuchititsa kuti chidziwitso chimene foni imafuna poyamba kuonetsa kanema chikhale kumayambiriro kwa fayilo. Popanda zimenezi kanema woikidwa pa tsamba la intaneti angathe kukhala akuzungulirazungulira mpaka fayilo yonse itatsika.

Koma fayilo yopanikizidwa chonchi si ya paliponse, ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. YouTube ndi Facebook zimapanikizanso zokha kanema aliyense amene zalandira, n'kupanga mitundu ingapo yolemera mosiyanasiyana kuti foni iliyonse ilandire umene netiweki yake ingathe. Kuzipatsa kanema wofinyidwa kale kuli ngati kuchita fotokope pepala limene ndi fotokope kale: zilembo zimafufutika, koma deta ya woonera sichepa kwenikweni. Kumeneko kuyenera kupita kanema wooneka bwino, ndipo bitireti imasankhidwa ndi eni malowo. Zimene zimatsala m'manja mwa wotsatsa ndi masekondi, kudekha kwa chithunzi ndi kukula kwa zilembo. Fayilo yopepuka ija ndi ya pa tsamba la shopu, ya m'magulu a WhatsApp, ndi yogawana pakati pa mafoni.

Pa WhatsApp kulemera kwa fayilo kumaonekera poyera. Anthu osamala deta amazimitsa kutsitsa kodzichitikira, choncho kanema amafika ali chimbuuzi, pakati pake pali kamuvi ndi nambala ya ma MB. Munthu amaona nambalayo asanaone chitenje. Ikakhala 1 MB chala chimadina chosaganiza. Ikakhala 14 MB amati adzaonera akapeza intaneti yaulere, ndipo tsiku limenelo silifika. Choyipa koposa ndi kutumiza kanema wochokera m'kamera mwachindunji kudzera pa Document, chifukwa njira imeneyi sipanikiza chilichonse, ndipo masekondi 45 ojambulidwa pa 1080p angathe kupitirira 80 MB.

Palinso nkhani ya mabandulo a WhatsApp kapena Facebook okha, amene anthu ambiri amagula chifukwa ndi otchipa. Wotsatsa akatumiza uthenga wonena kuti munthu adine apa kuti akaonere kanema pa YouTube, wamutulutsa kunja kwa mpanda wa bandulo yake. Tsambalo silitseguka, kapena limatseguka n'kuyamba kudya mayunitsi. Uthenga wonse uyenera kukwanira pamalo pamene wamupeza munthuyo.

Makampani aakulu a intaneti anavomereza okha kuti malonda olemera ndi vuto. M'chaka cha 2020 Google inaika lamulo mu Chrome loti malonda amene munthu sanawadine, akadya deta yopitirira 4 MB, achotsedwe pa tsamba. Polengeza lamuloli kampaniyi inanena kuti malonda opyola malire ake anali atatu okha mwa 1,000 alionse, koma ankadya magawo 27 mwa magawo 100 a deta yonse ya malonda. Pa nthawiyo kampani yomweyo sinkalola chithunzi chamalonda choikidwa pa masamba a intaneti kupitirira 150 KB. Kanema wa mayi uja wa 8.4 MB ndi wolemera kuposa kawiri malire a Chrome aja, ndipo akufanana ndi zithunzi zoterezi zoposa 50.

Zimenezi zikubweretsa funso limene ojambula makanema sakonda kulimva: kodi pakufunikadi kanema? Chithunzi chimodzi chabwino cha 100 KB, pa mtengo woyerekeza uja, chimadya 50 tambala. Chimatseguka ngakhale kumudzi kumene netiweki imachita kufunidwa pachulu, ndipo munthu amachiyang'ana nthawi yonse imene akufuna osalipiranso. Wogulitsa feteleza amene uthenga wake ndi mtengo wa thumba ndi tsiku lofika katundu alibe chifukwa chojambulira kanema. Kanema ali ndi ntchito pamene kuyenda kwa chinthu ndiko uthenga, monga pampu ikutulutsa madzi kapena mbaula ikuyaka popanda utsi. Ena amathawira ku zithunzi zoyenda za GIF poganiza kuti ndi zopepuka. Njira imeneyi ndi ya m'chaka cha 1987 ndipo sidziwa kupanikiza zoyenda ngati mmene H.264 imachitira, moti masekondi ochepa a GIF kawirikawiri amalemera kangapo kuposa kanema wa MP4 woonetsa zomwezo.

Kufupikitsa nako kuli ndi malire ake. Masekondi 6 pa 600 kbps ndi 0.45 MB yokha, koma m'masekondi 6 simungalowe zitenje zitatu, malo a shopu ndi nambala ya foni. Kanema wotere amathandiza kukumbutsa anthu dzina limene akulidziwa kale. Ngati munthu akakamizika kubwereza kanema katatu kuti agwire nambala, kapena kuimba foni kufunsa mtengo umene unayenera kuoneka, deta imene yapulumuka yabwerera m'mayunitsi. Uthenga wofotokoza mmene angagwiritsire ntchito mankhwala a mbewu ungafunike mphindi yathunthu, ndipo mlimi amene akuufuna adzalipira mosanyinyirika. Kusiyana kwake n'kwakuti uthenga wautali uyenera kukhala umene munthu wasankha yekha kutsegula, ataona kale kulemera kwake, osati umene wamugwera akupita kwina.

Chomaliza ndi kuyesa, ndipo sikufuna katswiri. Kanema atumizidwe ku foni yotchipa ya itel kapena Tecno yakale, Wi-Fi izimitsidwe, ndipo woyesayo atuluke panja padzuwa pamene sikirini imavuta kuona. Asanatsegule kanemayo ayang'ane mu Settings, pamene foni za Android zimaonetsa deta imene pulogalamu iliyonse yadya, ndipo akatha kuonera ayang'anenso. Kenako foniyo ipatsidwe kwa munthu amene sanauonepo uthengawo, mawu atazimitsidwa, ndipo ilandidwe pakatha masekondi asanu. Afunsidwe zinthu ziwiri: akugulitsa chiyani, ndipo pa mtengo wanji. Akalephera kuyankha, kanemayo abwerere kwa wojambula asanatumizidwe kwa anthu 20,000.